Tsitsi la afulo likutuluka ndi mkombero wotuwa ndikalichotsa pa khoma loyera

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi ntchito ya positala ya A3 ya mayi wina woyimba nyimbo zauzimu, akukhazikitsa chimbale chawo kumapeto kwa mwezi. Chithunzi anajambulitsa ataima kutsogolo kwa khoma la tchalitchi lopaka laimu. Tsitsi lawo ndi lachilengedwe, afulo yaikulu yopesa bwino, ndipo akufuna kumbuyo kukhale maruni wakuda. Mu Photoshop ndadula ndi Select Subject, ndalowa mu Select and Mask, ndadina Refine Hair. Ndikaika pa zoyera zikuoneka bwinobwino, koma ndikangoika pa maruni mutu wonse ukuzunguliridwa ndi mkombero wotuwa. Ndikayesa kuufufuta, timatsitsi ta m'mphepete tikupita nawo limodzi. Mbali ya kumanzere ndiye yovutiratu, chifukwa kumbuyo kwake kuli windo lakuda la mabagala. Amene munadutsamo ndithandizeni.

Yamikani: Asisi, funso loyamba: chithunzicho chabwera bwanji? Ngati anakutumizirani pa WhatsApp mwachizolowezi, chatsikira pa mapikiselo pafupifupi 1600 mbali yaitali, pomwe A3 pa 300 dpi imafuna 3508 x 4961. Mukachikulitsa katatu, timatsitsi timasanduka timabokosi tosokonekera ndipo palibe chida chingatidule bwino. Auzeni atumize ngati Document.

Tadala: Chimenecho ndinachipewa, achimwene. Wojambula ananditumizira ngati Document, ndi 4000 x 6000 chochokera mu kamera. Ndikazuma, tsitsi lililonse likuoneka palokha.

Yamikani: Ndiye zaphweka. Bwererani mu Select and Mask, m'munsi mwa Output Settings chongani Decontaminate Colors, mutulutse ngati New Layer with Layer Mask. Mkomberowo utha pomwepo. Ine ndimatero tsiku ndi tsiku pa makadi a ukwati.

Limbani: Ine ndimangogwira Pen Tool basi. Zungulirani mutu wonse, lowani pang'ono mkati mwa tsitsi, ikani Feather ya 2, mwatha. Makasitomala ambiri amakonda tsitsi losalala bwino, timatsitsi touluka amati ndi uve.

Tadala: A Limbani, sindikufuna kulisalaza ayi. Mayiwa amadziwika ndi tsitsi lomweli, anthu amawazindikira nalo patali. Ndikalidula ndi Pen Tool likhala ngati chisoti cha njinga yamoto, ndipo adzandibwezera ntchito.

Tadala: A Yamikani, ndayesa Decontaminate Colors. Mkombero wachepa ndithu, koma m'mphepete mwa tsitsi mwapakika, timatsitsi tagwirana kukhala zigamba zakuda zopanda mizere. Pamwamba pa khutu la kumanja pabwera mtundu wa khungu pamene panali tsitsi.

A Gondwe: Mwaswera bwanji ana anga. Ndawerenga zonse. Tadala, musanadinenso china chilichonse, tiyambe tamvetsa chimene chikuchitika, chifukwa pali mavuto awiri osiyana ndipo inu mukuwamenya ndi chida chimodzi.

Tsitsi limodzi la m'mphepete nthawi zambiri ndi lopyapyala kuposa pikiselo. Choncho pikiselo imene tsitsilo ladutsamo siikhala ya tsitsi lokha, siikhalanso ya khoma lokha. Kamera inasakaniza ziwirizo pojambula. Tsegulani Info ndi F8, muyendetse kasa pa chithunzi choyambirira. Tinene kuti pa khoma mukuwerenga 230 ndipo mkati mwa tsitsi mukuwerenga 30. Pikiselo imene theka ndi tsitsi, theka ndi khoma, iwerenga 130.

Tsopano masiki yanu, ngakhale itakhala yolondola kwambiri, ingonena kuti pikiselo imeneyi ioneke theka. Koma mtundu wa pikiseloyo ukadali 130, laimu akadali momwemo. Mukaika pa maruni amene kuwala kwake ndi 40, masamu ake ndi awa:

```
zimene mukuona:     0.5 x 130 + 0.5 x 40 = 85
zoyenera kuoneka:   0.5 x 30  + 0.5 x 40 = 35
```

Mwaona? 85 ndi yowala kuposa tsitsi, ndi yowalanso kuposa maruni. Mkombero wanu ndi umenewo. Pa zoyera sumaoneka chifukwa laimu amabisala mu zoyera zinzake. Ndiye masiki ndi ntchito imodzi, kuchotsa laimu mu mapikiselo a m'mphepete ndi ntchito ina. Mukamafufuta masiki kuti mkombero uchoke, mukupha tsitsi pofuna kuchiza mtundu.

Tadala: Eee, madala, tsopano ndamva chifukwa chake timatsitsi timapita ndikafufuta. Ndayang'ana mu Info: khoma kumanja likuwerenga 228 mpaka 235, koma pafupi ndi phewa pali mthunzi, likutsika kufika 200. Tsitsi mkati likuwerenga 25 mpaka 40.

Yamikani: Koma madala, ntchito ya Decontaminate Colors si yomweyo yochotsa mtundu wa khomayo?

A Gondwe: Ndi yomweyo, a Yamikani, simunalakwe. Ndi chifukwa chake mukachonga, Photoshop amakukakamizani kutulutsa pa leya yatsopano, poti akusintha mapikiselo enieni osati masiki yokha. Vuto lake ndi lakuti iye amatenga mtundu wa chinthu chapafupi chimene chasankhidwa kwathunthu n'kuukankhira kunja. Pa wivi yowongoka kapena tsitsi lomangidwa, pamene m'mphepete ndi mopapatiza, zimayenda bwino, ndipo pa makadi anu a ukwati n'zimene mumaona. Koma afulo ili ndi malo otambalala amene khoma likuonekera m'kati mwa tsitsi, timabowo tambirimbiri. Pa chithunzi cha 6000 malo amenewo angafike mapikiselo 150 kapena kuposa. Pamenepo iye amapaka mwachisawawa, ndipo pafupi ndi khutu amatenga mtundu wa khutu, zimene Tadala waona. Mungachepetse Amount, zimathandizako, koma pa positala yaikulu ine ndimakonda kupanga ndi manja.

Tadala: Ndiyambire pati?

A Gondwe: Yambani ndi masiki, ndipo pa khoma loyera chonchi masiki yabwino ili kale m'chithunzimo. Pitani ku Channels, muyang'ane Red, Green ndi Blue imodziimodzi. Khungu lathu limawala kwambiri mu Red ndipo limada kwambiri mu Blue, choncho mu Blue nkhope ndi tsitsi zimada pamodzi, khoma n'kukhalabe loyera. Zumani m'mphepete mwa tsitsi. Ngati Blue ili ndi mchenga wambiri, zimene zimachitika pa zithunzi zojambula kopanda kuwala kokwanira, tengani Green. Kokerani chanelocho pa kachizindikiro ka chanelo chatsopano kuti mugwire pa kope, osati pa choyambirira.

Pa kopelo dinani Ctrl+L. Apa ndi pamene ambiri amaonongera. Amakankha makona awiri a Input Levels mpaka kukumana pakati, kuti chithunzi chikhale chakuda bii ndi choyera mbee. Zikatero timatsitsi topyapyala timazimirira, totsalato timanenepa n'kukhala ndi mano. Zotuwa zimene mukuona m'mphepetezo si uve, ndi tsitsi lenilenilo. Manambala mwawapeza kale mu Info, ingowaonaninso pa chanelo mwasankhacho. Kona yakuda iikeni pa nambala ya tsitsi, kwa inu cha m'ma 40. Kona yoyera iikeni pang'ono pansi pa nambala ya khoma, cha m'ma 225. Musapyole apo. Mukatero, pikiselo imene inali theka tsitsi ikhala yotuwa pakatikati, ndipo masiki idzaionetsa theka, monga zikuyenera.

Tadala: Ndapanga. Kumanja khoma layera lonse, koma pa mthunzi wa paphewa patsala potuwa. Ndikankhenso kona yoyera ifike 200?

A Gondwe: Ayi. Mukatero mukonza paphewa n'kupha timatsitsi ta pamwamba pa mutu, pamene zinali kale bwino. Malo a mthunziwo akonzeni paokha. Tengani Dodge Tool, Range ikhale Highlights, Exposure 10%, mudutse pang'onopang'ono pa mthunzi pokha. Iyo imayeretsa zimene zili kale pafupi ndi kuyera, tsitsi lakuda imalisiya. M'kati mwa tsitsi, pamene pali kunyezimira kwa mafuta, chitani zosiyana: Burn Tool pa Shadows. Ena amagwiritsa burashi wamba pa Overlay, yakuda mkati, yoyera kunja, Opacity 20% kapena 30%, zotsatira zake n'zofanana. Nkhope, mano, ndolo ndi zonse za mkati ingopakani ndi burashi yakuda yolimba.

Zovala musazidule ndi njira imeneyi. Apo ndi pamene Pen Tool ya a Limbani ikugwira ntchito: mapewa, manja ndi diresi zili ndi malire olimba, zungulirani ndi Pen Tool, musandutse selekishoni, mudzazemo zakuda pa chanelo chomwecho. Mukamaliza dinani Ctrl+I, chifukwa mu masiki choyera ndi chimene chimaoneka. Kenako Ctrl ndi kudina pa kachithunzi ka chanelo, bwererani ku RGB ndi ku Layers, muike masiki pa leya ya mayiwo.

Limbani: Ndiye Pen Tool sinathe ntchito, mwamva nonse.

A Gondwe: Sinathe, ndipo siidzatha. Ingoisiyani ikafika pa khosi.

Mwawi: Pepani kulowerera. Ine Channels sindinaigwirepo, ndimangopaka ndi Refine Edge Brush Tool mu Select and Mask. Kodi ndi yolakwika?

A Gondwe: Si yolakwika, mayi. Pamene kumbuyo kuli mitundu yosakanikirana, nthawi zina ndi yokhayo imene ingakuthandizeni. Kungoti pakani pokhapo pamene kumbuyo kukuonekera m'tsitsi. Mukalowa nayo mkati mwa tsitsi lothithikana, Photoshop amayamba kukayikira malo amene analibe vuto, ndipo mutu umakhala ndi zigamba zoonekera. Muli momwemo dinani K kuti muone masiki mu Black & White. Mkati mwa mutu muyenera kukhala moyera mbee. Mukaona mitambo yotuwa mkatimo, maruni adzatulukira pamenepo. Dinaninso A muone pa zakuda, T muone pa zoyera, ndipo Y muone pa kumbuyo kwenikweni kumene mukupita nako.

Tadala: Masiki yakhala, ndipo timatsitsi tambiri tabwerera timene Refine Hair inatitaya. Koma mkombero ulipobe, mwinanso waonjezekera.

A Gondwe: Uyenera kuonjezekera, chifukwa tsopano mwasunga mapikiselo ambiri a m'mphepete, ndipo onsewo ali ndi laimu. Musaikhudzenso masikiyo. Pangani leya yatsopano yopanda kanthu pamwamba pa mayiwo, mudine Ctrl+Alt+G kuti imamatire ku leya ya pansi. Chilichonse mungapake pa leya imeneyi chidzaoneka pokhapo pamene masiki yalola, ndi mlingo womwewo. Isintheni kuchoka pa Normal kupita pa Darken.

Tengani Clone Stamp Tool, Sample ikhale Current & Below, burashi yofewa. Gwirani Alt mutenge kuchokera mkati mwa tsitsi, pafupi ndi pamene mukufuna kukonza, kenako mupake m'mphepete, kutulukira kunja osaopa. Darken imangosintha pikiselo imene ili yowala kuposa chimene mukupakacho. Tsitsi la 30 likhala momwe lilili, koma 130 uja atsika kufika cha m'ma 35. Masiki ikadaonetsabe theka, koma tsopano ndi theka la mtundu wa tsitsi. Tengani malo atsopano pafupipafupi pamene mukuzungulira mutu, chifukwa tsitsi la pamwamba pamene dzuwa likumenya ndi lofiirira kuposa la kumbuyo kwa khutu. Mukapaka mtundu umodzi wakuda kuzungulira konse, mkombero woyera usanduka mkombero wakuda, ndipo diso limauonabe.

Yamikani: Pali njira yachidule kuposa imeneyi. Pangani kope la chithunzi choyambirira, muliike pansi pa chodulidwacho, mulisinthe kukhala Multiply. Zoyera zimazimirira zokha, tsitsi lakuda limatsala lonse, ngakhale kakang'ono kwambiri. Pa leya ya pamwamba mumangobweza masiki mkati pang'ono. Palibe za Clone Stamp.

Tadala: Ndayesa msanga pa kope. Pabwera bokosi lalikulu loderako kuzungulira mayiwo, malire a chithunzi chakale akuoneka pa maruni.

A Gondwe: Njira ya a Yamikani ndi yabwino ndipo ndimaigwiritsa, koma asiya zinthu ziwiri. Choyamba, mu Multiply chimene chimazimiririka kotheratu ndi 255 yekha. Khoma lanu ndi 230, choncho likudetsa maruni ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndilo bokosi mukuliwonalo. Pa kope limenelo dinani Ctrl+L mukweze khoma lifike 255, mthunzi wa paphewa muubise ndi masiki. Chachiwiri, Multiply imadetsa basi, siingawalitse. Pa kumbuyo kowala kapena kwapakatikati, monga chikasu, buluu wa mtambo kapena golide, imagwira ntchito bwino kwambiri. Pa maruni wa 40, tsitsi lidzatsika kufika pafupi ndi ziro, ndipo pa pepala kusiyana kwake ndi maruni kudzakhala kochepa kwambiri. Mkombero sudzakhalapo, koma afulonso idzamira.

Ndipo Tadala, vuto limeneli mukumana nalo ngakhale ndi njira yanga. Tsitsi la 35 pa kumbuyo kwa 40 silioneka. Mukalichotsa laimu bwinobwino, mutu udzasungunuka mu maruni. Langizo langa ndi lakuti muwalitse kumbuyo kwa mutu: pa leya ya maruni ikani kuwala kofewa kozungulira, kofiira kowalirako, kufika mwina 110 kapena 120 pakati pake, n'kumazirala kupita m'mbali. Timatsitsi tonse tavutikirati tidzaonekera pamenepo. Zimagwirizananso ndi chithunzicho, poti mayiwo anajambulidwa kutsogolo kwa khoma lowala ndipo kuwala kwa khomalo kuli kale pa mapewa ndi m'mbali mwa masaya awo.

Yamikani: Apo ndavomera za bokosi. Koma akawalitsa kumbuyo kufika 120, Multiply ibwereranso m'masewero. Ine ndikadali kunena kuti ndi yachangu.

A Gondwe: Ibwereradi. Ayese zonse ziwiri aone imene ikumukomera pa chithunzi chake.

Chisomo ku Joni: Abale, poti nkhani yafika apa, nane ndiponyepo yanga. Ndimagwira ntchito pa malo osambitsa ndi kumeta agalu kuno, ndipo abwana anandipatsa zopanga zotsatsa. Ndili ndi kagalu koyera ka ubweya wambiri, mtundu wa Maltese, kojambulidwa pa kapinga. Ndikufuna kukaika pa pinki wowala. Ubweya wonse wa m'mimba ndi m'miyendo ukutuluka wobiriwira. Ndayesa Darken ya madala koma zaipiraipira, kagalu kada m'mbali.

A Gondwe: Kwa inu zonse n'zotembenuza, a Chisomo. Tadala ali ndi tsitsi lakuda pa kumbuyo kowala, inu muli ndi ubweya wowala pa kumbuyo koderako. Pa leya yomamatira ija gwiritsani Lighten, mutenge ubweya woyera wa mkati mupake m'mphepete. Pa Channels yang'anani Blue poyamba, chifukwa kapinga amada kwambiri mmenemo pomwe ubweya woyera umakhalabe woyera, ndipo simufunika Ctrl+I poti galuyo ndi woyera kale.

Koma zobiriwira za m'mimbazo ndi nkhani ina, si za m'mphepete zokha. Kuwala kumamenya kapinga n'kubwerera pa ubweya, choncho ubweyawo ndi wobiriwiradi m'chithunzimo, ngakhale mkati mwenimweni mwa galu. Ikani Hue/Saturation yomamatira ku galu, mutsitse Saturation ya Greens, kenako ya Yellows. Anthu amadabwa kuti Greens yokha siisintha zambiri. Kapinga mu chithunzi mbali yaikulu amagwera mu Yellows. Masiki ya Hue/Saturation iyikeni yakuda, mupake zoyera pansi pa mimba ndi m'miyendo mokha, kuti maso, lilime ndi ubweya wa kirimu wa m'makutu zisafe mtundu.

Chisomo ku Joni: Zikomo madala, Yellows ndiyo yagwira ntchito. Nanga m'mbali mwa msana pamene masiki yadula mowongoka kwambiri? Pamenepo kumbuyo kunali mpando woyera, ubweya sunasiyane nawo.

A Gondwe: Dinani pa masiki yeniyeniyo, osati pa chithunzi, mutenge Smudge Tool, burashi yaing'ono ya mapikiselo 3 mpaka 6, Strength cha m'ma 70%. Kokani kuchokera mkati kupita kunja, timizere tifupitifupi, motsatira kumene ubweya ukugonera. Ubweya wa msana umagonera kumchira, suima chilili. Poti kunja kwake ndi mpando woyera, chimene chidzaonekere ndi choyera, ndipo chidzaoneka ngati ubweya. Sinthasinthani utali, ndipo nthawi zina kokani kuchokera kunja kulowa mkati kuti pakhale timipata. Ndi ubweya waufupi njirayi imakhululuka. Pa afulo siigwira, chifukwa tsitsi lake ndi lopotana, silituluka m'timizere.

Dalitso wa ku Chipata: Muli bwanji onse. Ife ena Photoshop tilibe, tigwiritsa GIMP. Kwa amene ali ngati ine, pa khoma loyera pali Colors > Color to Alpha. Musankha mtundu wa khoma, iyo imachotsa mtunduwo mu pikiselo iliyonse n'kusiya tsitsi ndi kuonekera kwake. Ndiye ntchito ziwiri zimene madala afotokoza, masiki ndi mtundu, zimachitika kamodzi. Kungoti imadyanso zoyera za mkati, nkhope imakhala yoonekera, mano ndi maso kupita. Ine ndimaipanga pa kope la pansi kuti ndipeze m'mphepete mwa tsitsi, pamwamba ndiika munthu yemweyo ndi masiki yobwerera mkati.

Mwawi: Mu Photopea namonso muli Refine Edge, mumapaka zoyera pa munthu, zakuda pa kumbuyo, zotuwa pa tsitsi pamene simukudziwa. Imatseguka mu burawuza, ndimaigwiritsa ndikakhala pa kompyuta ya ku ofesi. Funso langa lina ndi velo ya mkwatibwi, koma ndidzafunsa padera, ndisasokoneze za asisi.

Tadala: Ndabwerera. Kumanja ndi pamwamba pa mutu zatheka bwino kwambiri. Ndagwiritsa Darken ndi Clone Stamp, ndawalitsa kumbuyo, ndipo ndaikanso Multiply ya a Yamikani pansi pa Opacity 50%, yabweza timatsitsi tina topyapyala kwambiri. Chatsala ndi kumanzere kwa windo lija. Pamenepo tsitsi likuwerenga 30, galasi la windo likuwerenga 35 mpaka 45. Mu chanelo chilichonse zangogwirana.

A Gondwe: Pamenepo palibe chodula, mwana wanga. Kamera sinasiyanitse tsitsi ndi windo, ndiye malirewo m'chithunzimo mulibe. Yesani kaye izi: ikani Curves yongoyembekezera, muikweze mopyola muyeso kuti za mumdima zionekere. Nthawi zina galasi limapendekera ku buluu pomwe tsitsi limapendekera ku kufiira, ndipo mungaone malire okuthandizani kudziwa pamene mutu ukuthera. Pa JPEG kawirikawiri mupeza timabokosi tokhatokha, koma ndi bwino kuyang'ana.

Zikakanika, bwerekani m'mphepete mwa kumanja. Koperani chigawo cha tsitsi la kumanja pamodzi ndi masiki yake ndi leya ya Darken, muziphatikize kukhala chimodzi, Ctrl+T, Flip Horizontal, mupinde ndi Warp kutsatira mmene mutu ulili kumanzere. Muike pansi pa leya ya mayiwo kuti chingotulukira m'mphepete. Musatenge chigawo choyang'anizana ndendende, tengani cha pamwamba pang'ono n'kuchitembenuza, chifukwa mutu ukakhala wofanana mbali zonse ziwiri anthu amaona kuti china chake chalakwika ngakhale sangachitchule.

Limbani: Bwanji osangotenga maburashi a tsitsi opangidwa kale? Alipo ambiri aulere, mumangodinda.

Tadala: Ndinawayang'ana. Ambiri ndi a tsitsi lowongoka kapena lopindika mokulira, si lathu. Pa afulo amaoneka achilendo nthawi yomweyo.

A Gondwe: Mungapange yanu kuchokera ku tsitsi la mayi omwewo. Pa chanelo chija musanachitembenuze, pamene tsitsi ndi lakuda pa zoyera, sankhani kachigawo ka timatsitsi ta m'mphepete, mufewetse m'mbali mwake ndi zoyera, kenako Edit > Define Brush Preset. Mu Brush Settings ikani Angle Jitter kuti isamadinde mofanana. Imathandiza kudzaza timipata ting'onoting'ono, koma mbali yonse ya mutu siingaimange.

Yamikani: Ine pano ndisiyana nanu madala. Mbali yonse ya kumanzere kukhala yobwereka, pa A3, ndi nkhope ya munthu amene anthu amamudziwa? Afulo siikhala yofanana mbali zonse, mwina kumanzere anaipesa mopendekera dala. Bola kuwapempha ajambulitsenso. Ndi mphindi khumi zokha: aime mapazi angapo kutali ndi khoma, pasakhale windo, ndipo ngati ndi foni azimitse Portrait, poti imeneyo imapaka m'mphepete mwa tsitsi chithunzi chisanafike n'komwe kwa ife. Akapeza nsalu yofiirira kapena yotuwa yoimika kumbuyo, ndiye bwino koposa, laimu sadzakhalapo woti tichotse.

A Gondwe: Pa kujambulanso sinditsutsa, ndi njira yoyera kuposa zonse ngati mpata ulipo. Za nsalu samalani pang'ono: ikhale yowala mokwanira kusiyana ndi tsitsi, ikada kwambiri tibwerera ku vuto la windo. Koma kubwereka m'mphepete sikusintha munthu. Kukula ndi kapendekeredwe ka afulo mukutsatira za m'chithunzi, mukubwereka timatsitsi ta kunja tokha.

Yamikani: Ngati malirewo sakuoneka, kukula kwake mukukudziwa bwanji? Mukungoganizira.

Tadala: Mayiwo ali ku Lilongwe, ine ndili ku Zomba, ndipo anasintha kale tsitsi, pano analuka. Kujambulanso sikutheka. Koma wojambula akuti ali ndi zithunzi zina za tsiku lomwelo, china akuti anaima chakumanja pang'ono, windo silili kumbuyo kwa mutu, kungoti anatsinzina. Ndamupempha atumize.

A Gondwe: Chimenecho ndiye chabwino kuposa zonse tanenazi. Tsitsi ndi lomwelo, tsiku lomwelo, kuwala komweko, ndipo ndi mbali yeniyeni ya kumanzere. Chiduleni ndi njira yomweyi, mutenge m'mphepete mwa kumanzere mokha. Pochilumikiza tsitsani Opacity kufika 50%, mufananitse khutu ndi ndolo, osati tsitsi. Ngati anatembenuza mutu kwambiri pakati pa zithunzi ziwirizo sizigwirizana, mudzaona khutu likukana kukhala pamalo.

Musanatumize kopulinta, chitani mayeso awiri. Gwirani Alt mudine pa masiki kuti muione yokha, muyang'ane kunja ngati kuli zotuwa zotsalira. Kenako ikani Stroke yofiira ya mapikiselo 3 pa leya ya mayiwo mongoyembekezera: kachidutswa kalikonse ka khoma kamene katsala kutali ndi mutu kadzazunguliridwa ndi zofiira, muchotse, kenako muchotse Stroke. Zonsezi chitani mu RGB, ndipo sungani PSD ndi maleya ake. Ngati opulinta akufuna CMYK, sinthani kope lophatikiza pamapeto, chifukwa Multiply ndi Darken zimatuluka mosiyana mukasintha maleya asanaphatikizidwe.

Chisomo ku Joni: Stroke yandionetsa timasamba ta kapinga tambiri timene sindimationa. Koma madala, mapazi a kagaluka anamira mu kapinga, zala sizikuoneka n'komwe. Pa pinki kakuoneka kodukira m'miyendo. Ndibwereke mapazi a galu wina kapena ndisiye kapinga pang'ono pansi pake?

Mwawi: Ine ndikanaika dzina la shopu kapena riboni ya mitengo kutsogolo kwa miyendoyo, mapaziwo abisike.

A Gondwe: Tumizani chithunzicho ngati Document tione kuti kapinga wafika pati. Ngati wabisa zala zokha pali chochita, koma ngati wafika m'mawondo ndigwirizana ndi mayi Mwawi.

Tadala: Chithunzi chachiwiri chafika. Mutu anaupendeketsa pang'ono koma khutu likugwirizana. Khoma pamenepo likuwerenga 215, ndiye kona yoyera ndiika pa 210. Ndikamaliza kulumikiza ndiponya pano, a Yamikani mudzandiuze ngati msoko ukuoneka.